Musanachotse phokoso m'nyimbo, liwoneni kaye pa sipekitirogiramu

"Zikomo akatswiri. Ine ndimajambula kwaya ya kutchalitchi kwathu. Loweruka lapitali tinajambula nyimbo zisanu ndi imodzi, mawu akuchokera pa mikisa n'kulowa mu laputopu kudzera pa kabokosi ka USB. Nyimbo zinayi tinajambula magetsi alipo, ziwiri zomaliza tinachita kuyatsa jenereta. Pa foni zikumveka bwinobwino, koma titaika pa masipika akuluakulu pakumveka huuu wosalekeza pansi pa nyimbo, ndipo achinyamata akuti akumvanso kamluzu komwe ine sindikukamva. Ndayesa Noise Reduction mu pulogalamu ya Audacity, phokoso lachepa koma azimayi akumveka ngati akuimbira m'madzi. Kodi nyimbozi zaonongekeratu?" Wojambula nyimbo, Zomba

Bambo, mtima ukhale m'malo. Ngati fayilo yoyamba ija, yomwe simunaikhudze, ikadalipo, nyimbo zinayi zoyambazo zikhoza kukonzeka mpaka womvera osadziwa kuti munali vuto. Ziwiri za jenereta zivutirapo, ndipo ndifotokoza chifukwa chake. Choyamba kopani mafayilo oyambawo muwasunge padera, ndipo zomwe munayesa kuyeretsa zija zitayeni. Mawu omwe Noise Reduction yadya sabwereranso.

Chida chomwe munagwiritsa ntchito chija si choipa ayi, kungoti munachituma ntchito ya chinzake. Noise Reduction inapangidwira phokoso lomwazika paliponse, lija la shiii. Huuu wanuyo sanamwazike. Wakhala pa malo ochepa odziwika bwino, ndipo pa malo amenewo ndi wamphamvu. Kuti chidacho chimugonjetse munayenera kuchikweza kwambiri, ndiye chinayamba kubudula timawu tofewa ta oimba. Kumveka kwa m'madzi kuja kumachokera pamenepo. N'chifukwa chake ntchito yoyeretsa imayamba ndi maso.

Tsegulani nyimbo yoyamba mu Audacity, dinani kamuvi kapena timadontho tomwe tili pafupi ndi dzina la nyimboyo kumanzere, musankhe Spectrogram. Mafunde omwe munazolowera aja achoka, pabwera chithunzi cha mitundu. Kuchokera kumanzere kupita kumanja ndi nthawi, monga kale. Kuchokera pansi kupita pamwamba ndi kukwera kwa mawu, komwe timayeza ndi Hz, kutanthauza kuti mawuwo akunjenjemera kangati pa sekondi. Besi amakhala pansi, soparano pakati, ndipo kuthetheka kwa "s" ndi "sh" kumakhala pamwamba. Pomwe pawala kwambiri ndi pomwe pali mphamvu. Mawu a anthu amaoneka ngati timizere topindikapindika, toyamba n'kutha, tokwera n'kutsika. Phokoso la makina limaoneka ngati mzere woongoka womwe sulabadira kuti oimba akuimba kapena apuma.

Anthu ambiri amafika pamenepa, n'kuona pansi pa chithunzi pali chimtambo chowala chosadziwika mutu wake, n'kunena kuti sipekitirogiramu ilibe thandizo. Vuto limakhala makonzedwe. Pa mndandanda womwewo pali Spectrogram Settings, ndipo chofunika kwambiri mmenemo ndi Window size. Nambala imeneyi ndi yomwe imanena kuti chithunzi chitha kulekanitsa mawu oyandikana motani. Masamu ake ndi apafupi: ngati munajambula pa 44100 Hz, gawani nambala imeneyi ndi Window size. Pa 2048 mupeza 21.5 Hz, kutanthauza kuti chilichonse chomwe chili pakati pa 40 ndi 60 Hz chikuunjikidwa pamodzi. Simungadziwe ngati ndi magetsi, kiyibodi kapena galimoto yodutsa panja. Mukaika 16384 mupeza 2.7 Hz, ndipo chimtambo chija chimagawika kukhala mizere yowerengeka. Mtengo wake ndi wakuti chithunzi chimasiya kuonetsa bwino zinthu zachangu, chifukwa tsopano chikutenga mawu a gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi nthawi imodzi. Pofufuza huuu zimenezo zilibe kanthu, poti iye sathamanga. Pofufuza kuthetheka kwa waya wolumikizika moperewera mumabwerera ku 512 kapena 1024.

Ndiye chitani chonchi. Window size ikhale 16384, Scale ikhale Linear, Min Frequency 0, Max Frequency 600. Ndikuti Linear chifukwa tikufuna kuona ngati mizere yatalikirana mofanana, ndipo pa Logarithmic mipata yofanana imaoneka ngati ikufupika mukamakwera. Gain muikweze kuchoka pa 20 kufika pa 40 kuti zinthu zachete zionekere. Musaope, Gain imeneyi imangowalitsa chithunzi, sikhudza mawu. Kenako pitani pomwe kwaya yangoti zii, nyimbo isanayambe kapena pakati pa ndime. Masekondi atatu kapena asanu akukwana.

Magetsi a kuno kwathu amasinthasintha ka 50 pa sekondi, choncho mzere woyamba muupeza pa 50 Hz. N'chifukwa chakenso pa foni simunamve kanthu: kasipika ka foni sikatha kutulutsa mawu otsika chotere. Koma kawirikawiri mzerewu sukhala wokha. Pamwamba pake pamakhala ena pa 100, 150, 200, 250, osanjikana ngati makwerero, ndipo mmene makwererowo aonekera ndi mmene mumadziwira gwero. Mzere wa 50 ukakhala wowala, ena apamwamba ochepa ndi ozimiririka, ndiye huuu wofewa uja, yemwe amabwera waya wa mawu akadutsa pafupi ndi thiransifoma kapena zida ziwiri zikalumikizika ku nthaka kudzera m'njira ziwiri zosiyana. Wowala kwambiri ukakhala wa 100, kayikirani chida chomwe gawo lake losandutsa magetsi latopa, monga adaputa yakale ya mikisa kapena ya kiyibodi. Makwerero akapitirira kukwera mpaka 2000 kapena 4000 Hz, makamaka a 150, 250, 350 ndi otsatira ake, khutu silimvanso huuu koma zzzz, ndipo olakwa amakhala inveta yotchipa, tchaja ya laputopu kapena chochepetsera kuwala kwa mababu. Mukadzalandira fayilo yojambulidwa ku America, makwerero ake adzakhala pa 60, 120 ndi 180, poti magetsi a kumeneko ndi a 60 Hz.

Chithunzi chimakuuzani komwe mzere uli, koma nambala yeniyeni muitenge kwina. Sankhani malo achete aja, pitani pa Analyze, kenako Plot Spectrum, muike Size pa 16384 kapena kuposa. Mukayendetsa mausi pafupi ndi nsonga, bokosi la Peak likupatsani Hz ndi mphamvu yake mu dB, muyezo womwe nambala yoyandikira ziro ndiyo yamphamvu kwambiri. Lembani pa pepala. Tiyerekeze kuti mwapeza 50 Hz pa -42 dB, 150 Hz pa -48 dB, 250 Hz pa -57 dB, 350 Hz pa -66 dB, ndipo phokoso wamba la m'chipindamo lili cha m'ma -70 dB. Pepala limeneli lakuuzani kale zochita. Mizere iwiri yoyambayo ndiyo mukuimva. Wachitatu ungamveke pomwe kwaya yapuma. Wachinayi wangosuzumira pang'ono pamwamba pa phokoso wamba, ndipo oimba akangotsegula pakamwa umakwiririka. Umenewo usiyeni. Gain ili pa 40 diso limaona zambiri zomwe khutu silidzamva, ndipo sefa iliyonse yomwe muika imachotsako kanthu pa nyimbo.

Tsopano yang'anani pomwe akuimba, makonzedwe ali omwewo, chifukwa apa ndi pomwe kwaya imasiyana ndi munthu wongoyankhula. Manoti ena amakhala moyandikana kwambiri ndi mizere ya magetsi. G wa abambo a besi ali pa 98 Hz, pafupi ndi 100. D wa pamwamba pake ali pa 146.8, pafupi ndi 150. G wotsatira ali pa 196, B ali pa 246.9, ndipo G wotsikitsitsa wa dzanja lamanzere pa kiyibodi ali pa 49 Hz, kungosiyana ndi magetsi ndi 1 Hz yokha. Nyimbo ikakhala mu kiyi ya G, manoti ake akuluakulu onse amagona pambali pa makwerero aja. Pa chithunzi muwasiyanitsa mosavuta: noti imayamba, imagwedera pang'ono, n'kutha, pomwe mzere wa magetsi umadutsa osaima. Koma sefa siona zimenezo. Imangodula pomwe mwaiuza, ndiye m'lifupi mwake mukhale moyeza.

Chida cha mizere yoongoka ndi Notch Filter. Chimafunsa zinthu ziwiri, Frequency ndi Q, ndipo chikangotsegulidwa koyamba chimakhala pa 60 ndi 1, manambala omwe sakuthandizani konse. M'lifupi mwa malo odulidwa mumapeza pogawa Frequency ndi Q. Pa 150 Hz, Q ya 5 ikudula 30 Hz yathunthu, ndipo D uja amatsika ndi ma dB opitirira 10. Abambo a tena akamafika pa notiyo mawu awo amachita ngati agwera m'dzenje, n'kutulukanso pa noti yotsatira. Q ya 30 ikudula 5 Hz yokha, ndipo D amangotsika ndi ma dB awiri, zomwe womvera sazindikira. Choncho Q iyenera kukwera limodzi ndi mzere: 10 pa 50 Hz, 30 pa 150, 50 pa 250. Mungaike sefayo katatu motsatizana, kapena kulemba mzere uwu pa Nyquist Prompt, pansi pa Tools, nyimbo yonse itasankhidwa:

```
(notch2 (notch2 (notch2 *track* 50 10) 150 30) 250 50)
```

Musatengeke n'kukweza Q mpaka mazanamazana poganiza kuti kupyapyala ndiye ubwino. Sefa yopyapyala kwambiri imasiya kamchira: ng'oma ikagunda kapena wina akaomba m'manja, mumamva kulira kopitirira pang'ono pa malo omwe mwadulawo. Komanso magetsi sakhala pa 50.00 nthawi zonse, amasuntha pang'ono, ndipo sefa yopyapyala mopitirira imawaphonya.

Ngati nyimbo ilibe kiyibodi kapena gitala ya besi, mzere wa 50 muli ndi njira ina yoothana nawo. Abambo a besi nthawi zambiri satsika kupitirira cha m'ma 80 Hz, ndiye pansi pa 70 palibe chanu. High-Pass Filter, sefa yodula mawu otsika, mukaiika pa 70 Hz, Roll-off ili pa 24 dB, imatsitsa 50 Hz ndi ma dB pafupifupi 12, n'kutengera limodzi kugunda kwa mapazi pa simenti ndi mphepo ya pa maikolofoni. Koma ngati kiyibodi ilipo, musayese. Pamenepo ndi Notch Filter basi, ndipo G wa pa 49 Hz uja avulala ndithu. Chotonthoza n'chakuti noti ya kiyibodi ili ndi makwerero akeake pa 98, 147 ndi kumtunda, ndipo khutu limaimvabe kudzera mwa amenewo.

Nyimbo ziwiri za jenereta muzitsegule padera, ndipo musatengere manambala a zinayi zija. Jenereta yaing'ono siigwira 50 Hz molimba. Mzere woyamba mungaupeze pa 51 kapena 52, ndipo mukauyang'ana kuchokera koyamba mpaka kumapeto muona kuti ukuyenda mokhotakhota, kutsika pomwe ampulifaya yakoka mphamvu zambiri, kukwera katundu akapepuka. Choipa n'chakuti kusunthako kumakula mukamakwera makwerero. Mzere woyamba ukasuntha ndi 1 Hz, wachitatu umasuntha ndi 3, wachisanu ndi chiwiri ndi 7. Sefa ya 5 Hz yomwe inagwira bwino pa 250 apa imangogwira nthawi zina, ndipo huuu amamveka akubwera n'kupita, zomwe zimasokoneza womvera kuposa akanangokhala osasintha. Onaninso ngati pansi pa 50 pali chimtambo chokhuthala kapena mzere cha m'ma 25 Hz. Kumeneko ndi kulira kwa injini yeniyeniyo komwe kwalowa pa maikolofoni kudzera mu mpweya, osati pa waya.

Chomwe mungachite pa nyimbo ziwirizi ndi kuyeza pomwe mzere watsikitsitsa ndi pomwe wakwereratu. Ukakhala pakati pa 50.5 ndi 52, ikani sefa pa 51.3 ndi Q ya 8. Wachitatu akhala akuyenda pakati pa 151 ndi 156, ndiye sefa pa 154 ndi Q ya 15, ndipo mwayi wake jenereta yothamanga yawuchotsa mzerewo pafupi ndi D. Kupitirira pamenepo musathamangitse mizere ndi sefa zosasuntha. Ngati kusunthako kumachitika mwa apo ndi apo, dulani nyimbo m'zigawo, chigawo chilichonse ndi manambala ake, ndipo malire a zigawo akhale pomwe oimba akupuma.

Kamluzu ka achinyamata kaja kamafuna makonzedwe ena. Bwererani ku Spectrogram Settings, Max Frequency ikhale 22000, Window size 4096. Yang'anani chakumtunda, komwe kumakhala mdima, mufufuze kamzere kopyapyala koongoka. Poti inu simukukamva pomwe ana akukamva, kali pamwamba pa 13000 kapena 14000 Hz, malo omwe makutu a munthu wamkulu amayamba kusiya. Kakakhala pa 15625 Hz ndendende, pafupi panali wailesi yakanema yakale ija ya chimsana ili yoyaka. Kakakhala pa 19000 Hz, mawuwo anadutsa pa wailesi ya FM. Kakakhala pa nambala ina, kapena kakusuntha pang'onopang'ono, nthawi zambiri ndi tchaja, sikirini kapena mababu a LED. Nkhani yabwino n'njakuti kumtunda kumeneko kwaya ilibeko katundu wambiri, ndiye Notch Filter ya Q 100 imakachotsa popanda chotayika chomveka. Musakasiye chifukwa choti inu simukukamva. Omvera anu ambiri ndi achinyamata ovala mahedifoni.

Muli pa chithunzi chachikuluchi, pali zina zoti muzizindikire. Mizere pa 1000, 2000, 3000 Hz, kapena umodzi pa 8000, imachokera ku USB, ndipo poti munagwiritsa ntchito kabokosi kotero n'zotheka kuipeza. Timakwerero tachidule, ta sekondi imodzi kapena ziwiri, totalikirana ndi 217 Hz, ndi foni yomwe inali pafupi ndi waya ikulumikizana ndi netiweki. Mzere womwe umayamba mozimiririka, n'kuwala, n'kudukiza mwadzidzidzi ndi maikolofoni yomwe inayamba kulira ndi sipika. Umenewu musauikire sefa pa nyimbo yonse. Kokani kabokosi pa chithunzi kozungulira mzerewo pokha, m'nthawi ndi m'kukwera komwe, mugwiritse ntchito Spectral Delete. Timizere todukaduka tobwerezabwereza cha m'ma 4000 kapena 5000 Hz, ngati munajambula usiku, ndi tizilombo ta panja, ndipo nthawi zambiri n'kwabwino kutisiya kusiyana ndi kuboola malo omwe mawu a anthu amamvekera bwino. Mizere yoimirira, yochokera pansi kukafika pamwamba pomwe kwaya yakweza mawu, si phokoso lakunja ayi. Ndi mawu omwe anasefukira pojambula, ndipo sefa za phokoso sizingawathandize. Mukaona chithunzi chonse chadulidwa mwaukhondo cha m'ma 16000 Hz, pamwamba pake mdima wokhawokha, ndiye kuti mwatsegula MP3. Funafunani WAV yoyambirira, fayilo yosafinyidwa, chifukwa kuyeretsa fayilo yofinyidwa kale kumaonjezera kumveka kwa m'madzi kuja.

Mizere ikachoka, mvetserani musanachite china, pa masipika akuluakulu omwe anaulula vutolo ndiponso pa mahedifoni. Kawirikawiri ntchito imathera pomwepa. Ngati shiii wotsalayo akukusowetsanibe mtendere, apa ndiye Noise Reduction yafika pa ntchito yake. Tengani Get Noise Profile yatsopano kuchokera pa malo achete a fayilo yosefedwayi, osati yakale ija, ndipo malowo asakhale ndi kupuma kwa oimba kapena mamvekero otsalira a noti yomaliza. Ikani 6 dB, mukakweza kwambiri 9. Musanavomereze, sankhani Residue mumve zomwe chidacho chikufuna kuchotsa. Mukamva mawu a nyimbo mmenemo, tsitsani Sensitivity. Pomaliza yang'ananinso chithunzi. Timipata takuda topyapyala pomwe panali mizere ndi zoyembekezeka. Koma mukaona kumtunda kwadzaza timabowo takuda ndi timadontho towala tomwazika, mwapyola muyezo, bwererani.

Pali malire omwe Audacity singadutse bwino. Ngati nyimbo za jenereta zili ndi makwerero oposa khumi omveka, onse akusuntha, kapena zzzz akumveka ngakhale kwaya yonse ikuimba, pitani nazo ku situdiyo yomwe ili ndi pulogalamu yotsata mzere ukamasuntha, monga De-hum ya mu iZotope RX. Muwapatse WAV yosakhudzidwa ndi pepala lanu la manambala lija. Afunseni ayese kaye masekondi 30 kuti mumve musanalipire ntchito yonse. Ndipo muwerengere bwino, chifukwa kuitana kwaya kudzaimbanso nyimbo ziwiri nthawi zina kumatchipa, n'kutuluka bwino kuposa kukonza.

Musanadzajambulenso, sipekitirogiramu yomweyi ikuthandizani kugwira wolakwa. Lumikizani zonse monga munachitira tsiku lija, mujambule chete kwa mphindi ziwiri, mukusintha chinthu chimodzi pa masekondi 20 alionse n'kumanena pa maikolofoni chomwe mwasintha. Zulani tchaja ya laputopu. Tsitsani tchanelo ya kiyibodi. Zimitsani mababu. Sunthani waya wa mawu achoke pa ekisitenshoni. Pa chithunzi muona poyera sekondi yomwe mzere wazimirira. Ukazimirira pozula tchaja, jambulani ndi batire, kapena mikisa ndi laputopu zidye pa soketi imodzi. Ukazimirira potsitsa kiyibodi, ikani kabokosi kotchedwa DI pakati pa kiyibodi ndi mikisa, mudine batani la Ground Lift, ndipo waya wautali akhale wa XLR. Ena adzakuuzani kuti muthyole mwendo wautali wa pulagi, wa nthaka uja, huuu atha. Nthawi zina amathadi, koma mwendo umenewo ndi womwe umateteza woimba wogwira maikolofoni chida chikaonongeka mkati. Ngati wina anamvapo kuluma pa milomo kapena m'manja pokhudza maikolofoni kapena mikisa, zimitsani zonse, muitane wodziwa za magetsi ayeze masoketi ndi waya wa nthaka wa nyumbayo, komanso mmene jenereta imalumikizidwira, musanayatsenso.